Makina ndagula chaka chino, nanga bwanji mtengo wake ulembedwe zaka 6?

*Alangizi, ndili ndi bizinesi yosindikiza mapepala. Mu Januwale ndinagula makina osindikizira pa ndalama zokwana 5,200,000, ndipo kuwanyamula ndi kuwaika kunadya 800,000. Chaka chino ndapeza 2,500,000 nditachotsa lendi, malipiro, inki ndi mapepala. Ndikachotsanso makinawo ndiye kuti ndaluza. Koma akauntanti wanga akukana, akuti mtengo wa makina tiziugawa mofanana chaka ndi chaka. Kodi si kunama kumeneko, poti ndalama zonse ndinalipira kale? Ndine mayi wa bizinesi yosindikiza.*

Mayi, akauntanti wanuyo sakukunamizani. Ndalama zinatulukadi m'thumba tsiku limodzi, koma sizinapite ngati mmene zimapitira za lendi kapena za inki. Inki ya mwezi watha inatha. Makina alipo, mawa m'mawa muwayatsa, ndipo akupangirani ndalama chaka chamawa ndi zaka zina kutsogoloku. Mukalemba 6,000,000 yonse pa chaka choyamba, buku lanu linena kuti mwaluza 3,500,000, pamene bizinesi ikuyenda bwino. Choipa kwambiri chili pa zaka zotsatira, chifukwa buku lidzaonetsa phindu la 2,500,000 chaka chilichonse ngati kuti makinawo munangowatola. Mudzadya ndalamazo ndi mtima umodzi, osadziwa kuti mbali ina ndi mpamba wanu womwe ukutha pang'onopang'ono pamene makina akukalamba.

Kutha kwa makina kumeneku owerengera ndalama amakutcha dipurishiyeshoni, ndipo njira imene akauntanti wanu akunena ndi yogawa mofanana: chaka chilichonse chimasenza gawo lofanana ndi chinzake. Kuti tiwerengere tikufuna zinthu zitatu, ndipo chimodzi chokha ndi chimene chili pa malisiti.

Chimenecho ndi mtengo wa makina. Si mtengo wa kwa wogulitsa wokha ayi. Lamulo la owerengera ndalama limene mayiko ambiri amatsata pa katundu wotere, lotchedwa IAS 16, limati muphatikize zonse zimene munalipira kuti makinawo afike pamalo pake ndi kukhala okonzeka kugwira ntchito: kunyamula, msonkho wolowetsera katundu m'dziko ngati unalipo, kuwaika, ndi kuwayesa. Choncho anu ndi a 6,000,000, osati 5,200,000. Ndalama zophunzitsira wantchito kuwagwiritsa ntchito sizilowa m'menemu, ngakhalenso za inki ndi savisi ya masiku onse. Zimenezo zimalembedwa pa chaka chimene zatuluka.

Ziwiri zotsalazo muyenera kuziganizira nokha, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Choyamba, makinawa akugwirirani ntchito zaka zingati? Funso si lakuti chitsulocho chingakhale zaka zingati chisanachite dzimbiri. Funso ndi lakuti inuyo, pa ntchito yanu, mudzapindula nawo mpaka liti. Makina osindikizira akhoza kumalirabe patatha zaka 10, koma ngati pofika chaka cha 6 mapepala akutuluka ndi mizere, sipeya yasowa pamsika, ndipo makasitomala akufuna zinthu zimene makinawo sangathe, moyo wake kwa inu ndi zaka 6. Funsani wokonza makina amene amawatsegula m'kati tsiku ndi tsiku, osati wogulitsa yekha, poti wogulitsa amatama katundu wake. Onaninso kuchuluka kwa mapepala amene opanga anati makinawo angasindikize pa mwezi, muyerekeze ndi amene inu mukusindikiza.

Chachiwiri ndi ndalama imene mungapeze powagulitsa akadzakalamba, mutachotsa zowonongera pogulitsapo. Mufunse kuti makina a mtundu womwewu, a zaka 6, akupita pa ndalama zingati lero. Ine ndimalangiza kuti nambala imeneyi muiike yotsika. Ngati palibe amene amagula makina otere akatha, lembani 0, musachite manyazi.

Tiyerekeze kuti mwapeza zaka 6, ndi 600,000 yodzagulitsira. Muchotse 600,000 pa 6,000,000, patsala 5,400,000. Imeneyi ndiye ndalama imene makinawa adzadye pa moyo wawo wonse ali m'manja mwanu. Muigawe pa zaka 6, mupeza 900,000 pa chaka, kapena 75,000 pa mwezi. Ngati mumalemba mabuku anu pa kompyuta mu Excel, kuwerengera kumeneku kulimo kale:

```
=SLN(6000000,600000,6)
```

Tsopano phindu lanu lenileni la chaka chino ndi 2,500,000 kuchotsa 900,000, kutsala 1,600,000. M'buku la katundu wa bizinesi makinawo azitsika motere: kumapeto kwa chaka choyamba 5,100,000, chachiwiri 4,200,000, chachitatu 3,300,000, mpaka chaka cha 6 pamene aima pa 600,000. Akafika pamenepo mumasiya kuchotsa, ngakhale makinawo akugwirabe ntchito.

Inu zakuyenderani bwino poti munayamba mu Januwale. Mukanawaika pa 1 Seputembala, chaka chanu n'kumatha mu Disembala, mukanalemba miyezi 4 yokha, yomwe ndi 300,000. Kuwerenga kumayamba tsiku limene makina akonzeka kugwira ntchito, osati tsiku limene munalipira. Ndipo pa njira imeneyi sikuima chifukwa chakuti mwezi wina kunalibe maoda. Makina akangokhala, ataphimbidwa nsalu pakona, 75,000 ija imalembedwabe.

Nambala ya 75,000 ndikufuna muigwiritse ntchito, isangokhala ya akauntanti. Ngati pa mwezi mumasindikiza mapepala 15,000, ndiye kuti pepala lililonse likudya 5 ya makina, musanawerenge inki, pepala lenilenilo, magetsi ndi wantchito. Mwezi umene mwasindikiza 7,500 okha, pepala lililonse lasenza 10. Ambiri poika mtengo amawerenga zimene akuziona zikutha ndi maso, n'kuiwala makina chifukwa analipira kale. Amakhala otanganidwa chaka chonse, maoda osatha, koma tsiku limene makina afa amapezeka alibe poyambira. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa anthu otere si aulesi, anangosiya nambala imodzi kunja.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino. Kulemba 900,000 m'buku sikutanthauza kuti 900,000 yasungidwa penapake. Palibe amene mukumulipira ndalama imeneyi, ndipo palibe akaunti imene ikulowa yokha. N'chifukwa chake kumapeto kwa chaka mungaone m'manja muli 2,500,000 pamene buku likuti phindu ndi 1,600,000. Kusiyana kwakeko ndi mpamba wanu umene wabwerera kuchokera m'makina. Mukautenga n'kukagwiritsa ntchito kunyumba, mwadya makina. Ngati mukufuna kudzagula ena pakatha zaka 6, muyenera kuipatula nokha, mwezi ndi mwezi, ku akaunti ina. Ndipo musadalire kuti idzakwana, chifukwa kuwerengera kumeneku kumatsata mtengo umene munagulira, pamene makina atsopano adzakhala atakwera mtengo. Chaka chilichonse funsani mtengo wa atsopano, ndipo zopatula zanu zitsate mtengo umenewo. Ngati makinawa munagula ndi ngongole, ndalama zobwerera zija n'zimene zikubweza ngongoleyo, choncho musaziwerenge kawiri.

Nanga mukalakwitsa zaka? Zimachitika, ndipo zizindikiro zake zimaoneka msanga: wokonza akubwera kawiri pa mwezi pamene kale ankabwera kamodzi pa miyezi itatu, ndalama za sipeya zikukwera chaka ndi chaka, ntchito zina mwayamba kukapereka kwa anzanu poti makina anu sakuzitulutsa bwino. Lamulo lija limati zaka ndi mtengo wodzagulitsira muziziunikanso kamodzi pa chaka kapena kuposerapo. Tinene kuti zaka 3 zatha, makina ali pa 3,300,000 m'buku, ndipo wokonza wakuuzani mosabisa kuti atsala ndi zaka 2 zokha, ndipo mudzangopezapo 300,000. Simubwerera kukafufuta mabuku a zaka zapitazo. Mumatenga 3,300,000, kuchotsa 300,000, n'kugawa 3,000,000 yotsalayo pa zaka 2. Kuyambira pamenepo mumalemba 1,500,000 pa chaka. Phindu la zaka ziwirizo lidzaoneka lochepa, ndipo kumeneko ndi kulipira kwa zaka zimene munachulutsa poyamba.

Musaganizenso kuti nambala ya m'buku ndi mtengo wa pamsika. Makina ambiri amagwa mtengo kwambiri akangoyamba kugwira ntchito, pamene buku limatsika mofanana chaka chilichonse. Tibwerere ku mawerengero oyamba aja: patatha zaka 4 buku likuti 2,400,000. Mukawagulitsa pa 1,900,000, mumalemba kuti mwaluza 500,000 pa chaka chimenecho. Akapita pa 2,700,000, mumalemba phindu la 300,000. Wogula sadzafunsa buku lanu, adzayatsa makina n'kuona pepala lotulukamo.

Njira yogawa mofananayi ikuyenera makina amene amagwira ntchito yofanana chaka ndi chaka. Ngati ntchito yanu ndi ya nyengo, chaka china maoda ambiri, china pang'ono, pali njira ina yogawa mtengo motsata mapepala osindikizidwa, poti makina osindikizira ambiri ali ndi kauntala yowerenga mapepala. Mukambirane ndi akauntanti wanu panopa, chifukwa njira imene mwasankha muyenera kuitsata chaka chilichonse, osati kumasintha pofuna kuti phindu lioneke bwino.

Za msonkho ndi nkhani ina. M'mayiko ambiri a msonkho satenga 900,000 yanuyi, ali ndi mlingo wawo wa zimene amalola kuchotsa pa makina, ndipo ungakhale wokwera kapena wotsika kuposa wanu. Choncho mukaona nambala ya pa fomu ya msonkho ikusiyana ndi ya m'buku, musadabwe, mungopempha akauntanti akuonetseni ziwirizo pambali ndi pambali. Pakadali pano tsegulani tsamba limodzi la makinawa, mulembepo tsiku limene anayamba ntchito, 6,000,000, zaka 6, 600,000 ndi 75,000 ya pa mwezi, ndipo mumangirirepo malisiti a kugula, kunyamula ndi kuika. Malisiti a onyamula ndi oika aja ndi amene amasowa msanga, choncho asakeni sabata ino.