Mlandu wakula kunyumba, koma kukhoti wachepa

"Amuna anga anamenyedwa ndi mpini wa khasu polimbirana malire a dimba, ndipo anagona m'chipatala masiku asanu. Apolisi anatiuza kuti mlandu ndi wovulaza koopsa. Tafika kukhoti tikumva akuwerenga mlandu wina waung'ono, womenyayo wavomera, walipira chindapusa, wabwera kumudzi. Kodi woimira boma uja anadya ndalama? Ali ndi mphamvu yosintha mlandu osatifunsa?"

Mayi, kalata yanu ndakhala nayo sabata yathunthu osayankha, chifukwa inandibwezera pa benchi ina ya kukhoti pomwe ndinakhala ndi mayi anga zaka zapitazo.

Ndiyambe ndi funso lachiwiri. Mphamvuyo ali nayo. Mukangokadandaula ku polisi, mlandu umakhala wa boma, inu mumasanduka mboni. N'chifukwa chake kukhoti amaitana kuti boma likuzenga wakutiwakuti, dzina la wovulala silitchulidwa ngati mwini mlandu. Funso loyambalo sindingakuyankhireni, poti sindinaone doketi ya amuna anu, faelo ya apolisi imene mumakhala mapepala onse a mlandu. Koma ndikuuzeni za doketi imene ndinaiona.

Mng'ono wanga anamenyedwa usiku akuchokera kumsika komwe amagulitsa kaunjika. Anamupeza m'ngalande anthu opita kumunda m'mamawa. Ku polisi anatipatsa kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo amene anamuona tsikulo analemba zimene maso ake anaona: kutupa pa mkono, mikwingwirima kumsana, bala laling'ono pamutu. Makina ojambulira mafupa sankagwira ntchito. Tinakajambulitsa kwina patatha masiku anayi, ndipo zinaoneka kuti fupa la mkono linathyoka pawiri. Chithunzicho mayi anga anachikulunga m'chitenje n'kuchiika pansi pa sutikesi kuti chisaonongeke. Palibe anatiuza kuti malo ake anali mu doketi. Mpaka lero mkono umenewo sutambasuka bwino, ndipo belo la zovala salinyamula yekha.

Tsiku la mlandu, wapolisi woimira boma anaimirira n'kuwerenga mlandu womenya ndi kuvulaza munthu, osati wovulaza koopsa. Ine magazi anawira. Ndinamutsatira panja, ndipo ndinamuuza maso ndi maso kuti wagulidwa. Bamboyo sanakalipe. Anatsegula doketi pa bonati ya galimoto n'kundiuza kuti, "Achimwene, ndionetseni pomwe palembedwa fupa." Panalibe. Munali lipoti loyamba lija, sitetimenti ya mng'ono wanga, sitetimenti ya mlonda wa golosale, ndi ya womangidwayo yokana zonse.

Pamenepo m'pomwe ndinayamba kumvetsa ntchito yawo. Woimira boma sanalipo pomwe munthu amamenyedwa. Chimene ali nacho ndi mapepala amene wofufuza wamubweretsera, ndipo funso lake loyamba ndi lakuti, ndi umboni uwu, kodi majisitireti angakhutire popanda chikayiko kuti munthu uyu anachita chinthu ichi? Mlandu uliwonse uli ndi mfundo zake zofunika kutsimikiza imodziimodzi. Lamulo lathu la milandu ndi zilango limasiyanitsa kumenya m'masitepe. Ndime 253 ndi kumenya wamba, chilango chake sichipitirira chaka chimodzi. Ndime 254 ndi kumenya kosiya bala kapena kutupa, mpaka zaka 5. Ndime 238 ndi kuvulaza koopsa, mpaka zaka 14. Kuti mlandu ufike pa 238, pafunika kuonetsa kuti kuvulalako kunaika moyo pachiswe, kapena kunalumaza, kapena kunaononga kwambiri thanzi kapena chiwalo, kapena kunasiya chilema chosatha. Kugona m'chipatala masiku asanu kumathandiza, koma pakokha sikunena zimenezo. Chimene chimanena ndi mawu a wachipatala. Lipoti likangoti "kutupa", woimira boma amaona 254, ngakhale kunyumba munthu akulephera kugwira khasu.

Ndiye panali nkhani ya mlonda uja. Iye ndi amene anaona nkhope ya womenyayo pa kuwala kwa babu la pakhonde la golosale. Mng'ono wanga anamenyedwa chakumbuyo, anangomva mawu. Makhoti amasamala kwambiri ndi umboni wozindikira munthu usiku: amafunsa kuti kunawala bwanji, mboni inali patali bwanji, inayang'ana nthawi yaitali bwanji, inkamudziwa kale kapena ayi. Mlandu utaimitsidwa kawiri, mlondayo anapita ku Joni. Woimira boma anatsala ndi mboni imene sinaone nkhope. Ndipo lamulo limati boma likamaliza kupereka mboni zake, khoti limayamba laona ngati woimbidwa mlandu ali ndi choyankha. Ngati alibe, amamasulidwa pomwepo, ndipo mlandu womwewo sungamubwererenso. Choncho womangidwa uja atanena kuti avomera mlandu waung'ono, bambo aja anaulandira. Anaona kuti akakakamira waukulu, munthuyo atuluka wopanda banga.

Zonsezi ndinazimvetsa. Koma sindinakhululuke, ndipo pamene ndikulemba pano ndikuona kuti mkwiyo wanga sunathe, unangosamukira pena. Bambo aja anali ndi dzina la mng'ono wanga ndi mudzi wake pa tsamba loyamba la doketi. Akanafunsa funso limodzi lokha mlandu usanalowe, loti kodi mkonowu uli bwanji tsopano, chithunzi chija chikanatuluka m'sutikesi. Woimira boma ali ndi mphamvu yobweza doketi kwa wofufuza kuti akawonjezere zosoweka. Lamulo limalolanso kusintha mlandu chigamulo chisanaperekedwe. Limalolanso khoti kupeza munthu wolakwa pa mlandu wocheperako ngati waukuluwo sunatsimikizike wonse, kotero kuyamba ndi 238 sikutanthauza kutaya 254. Njira zinalipo. Chimene chinasowa ndi munthu woti alankhule ndi wovulala.

Ndikudziwa chimene oimira boma adzayankhe. Milandu yambiri ya kwa majisitireti imazengedwa ndi apolisi, osati maloya a boma, ndipo wapolisi mmodzi amalowa m'khoti atanyamula mulu wa madoketi, ena akuwaona koyamba m'mawa womwewo. Malamulo aakulu a dziko amati womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, ndiye kawirikawiri mlandu umalembedwa kufufuza kusanathe. Zoona. Koma ine ndikukana kuti kuchuluka kwa ntchito kukhale chifukwa choti mayi amve m'khoti, pamodzi ndi anthu odzangoonerera, kuti mlandu wa mwamuna wake wachepetsedwa. Kusankha mlandu ndi udindo wa boma, sindikutsutsa. Kufotokoza chifukwa chake kwa munthu wothyoledwa mkono kuyenera kukhala gawo la udindo womwewo. Pomwe palibe kufotokoza, anthu amaganiza za ziphuphu, ndipo poti ziphuphuzo zimachitikadi nthawi zina, woimira boma wachilungamo amavala mbiri ya mnzake wakuba.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa vutoli lili ndi kumtunda komwe. Ndime 99 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa mkulu woimira boma pa milandu mphamvu yoyambitsa mlandu, yolanda mlandu woyambitsidwa ndi wina, ndi yothetsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe. Umu ndi mmene unathera mlandu wa a Bakili Muluzi mu 2023, ndi wa malemu a Saulos Chilima mu Meyi 2024. Sindikunena kuti anthuwa anali olakwa, khoti silinagamule zimenezo. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ngakhale mkulu ameneyu lamulo silinamusiye kuti angothetsa mlandu n'kukhala chete. Ayenera kupereka zifukwa ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Ngati amene analemba malamulo athu anaona kuti wamkulu afotokoze kwa aphungu, n'chifukwa chiyani wamng'ono asafotokoze kwa mayi wa kudimba?

Kuthetsa mlandu kulinso ndi mitundu yake, ndipo anthu amasokoneza. Pa ndime 77 ya lamulo la kazengedwe ka milandu, mkulu uja akathetsa mlandu munthu asanayambe kudziteteza, munthuyo amangomasulidwa, ndipo boma likhoza kuuyambiranso pasanathe miyezi 6. Akathetsa munthu ataitanidwa kale kuti adziteteze, ndiye kuti wapezeka wosalakwa, zatha. Wapolisi wa kwa majisitireti sangangochotsa mlandu mwa iye yekha, amafunika chilolezo cha khoti kapena lamulo lochokera kwa mkuluyo. Palinso kuyanjanitsa, kumene khoti limalola pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu monga kumenya wamba. Apa mpomwe ndimachenjeza anthu a kumudzi. Ankhoswe ndi akuluakulu akabwera ndi mbuzi kuti "tikambirane pachibale", wovulala amapita ku polisi kukanena kuti wakhululuka. Pa mlandu waukulu, mawu amenewo samanga boma, likhoza kupitiriza. Koma woimira boma akaona kuti mboni yake yaikulu yafooka, amayamba kuwerengera kuti mlanduwo sutha bwino, ndipo amauchepetsa kapena kuusiya. Mayi, dzifunseni ngati wina wa kubanja sanapite kukalankhula zotere inu osadziwa. Pa mikangano ya malire, pomwe omenyanawo amakhala apachibale, zimachitika kawirikawiri.

Zimene mungachite tsopano

Womenyayo anavomera ndipo analangidwa, choncho kawirikawiri sangazengedwenso pa kumenya komweko ndi mlandu waukulu. Khomo limenelo silitseguka wamba, ndipo sindikufuna wina akudyereni ndalama pokulonjezani kuti alitsegula. Pitani kwa mkulu wa oimira boma pa polisi imene inatenga nkhaniyi, mufunse kuti lipoti lachipatala linati chiyani ndipo anasinthiranji mlandu. Lipoti likanena za fupa lothyoka kapena chilema koma mlandu unatsitsidwabe, lembani dandaulo kwa mkulu woimira boma pa milandu, ndipo ngati pali amene anaona ndalama zikuperekedwa, kauzeni bungwe lothana ndi ziphuphu. Funsaninso kwa kalaliki wa khoti ngati majisitireti analamula chipukuta misozi, chifukwa chindapusa chimapita ku boma, osati kwa amuna anu. Ngati sanalamule, amuna anu akhoza kusuma okha mlandu wofuna chipukuta misozi. Pamenepo umboni sufunika kufika pochotsa chikayiko chonse, ndipo kuvomera kuja kukuthandizani. Mukapita, tengani buku la kuchipatala, malisiti a mankhwala ndi a thiransipoti, ndi chithunzi cha mafupa ngati anajambulidwa. Ku ofesi ya boma yothandiza anthu osowa maloya akuuzani khoti loyenera kukasumako.