Chotupa chili kumapapo, nanga diso lagweranji?

"Adokotala, ndine wophunzira zachipatala kuno ku Blantyre. Pa wodi tinaona bambo wa chotupa pamwamba pa phapo la kumanja. Chikope cha kumanja chinali chogwa pang'ono ndipo mwanadiso wake anali wamng'ono. Aphunzitsi anangoti ndi simpathetiki. Ine ndinaloweza kuti simpathetiki imatuluka pa T1 mpaka L2, parasimpathetiki kumutu ndi kumunsi kwa msana, koma sindikuona kuti chifuwa ndi diso zikukumana pati. Ndithandizeni."

Zimene munalowezazo n'zoona, ndipo yankho lili momwemo. Simpathetiki ndi parasimpathetiki ndi magulu awiri a mitsempha yoyendetsa ziwalo popanda ife kuganizira, ndipo zilembo C, T, L ndi S zimatchula magawo a msana a m'khosi, pachifuwa, m'chiuno ndi kumunsi kwenikweni. Kumutu kulibe potulukira simpathetiki. Ulusi uliwonse wa simpathetiki wopita kudiso, kukhungu la kumaso kapena kumitsempha ya magazi ya m'mutu uyenera kutsika kaye mpaka kumtunda kwa chifuwa, n'kutuluka m'chingwe cha msana, kenako n'kukweranso ndi khosi. Ulendo wozungulirawu umadutsa pansonga penipeni pa phapo.

Tiyambe ndi lamulo limene simpathetiki ndi parasimpathetiki onse amatsata. Uthenga wochoka mu ubongo kapena m'chingwe cha msana kupita kuchiwalo monga mtima, matumbo kapena mwanadiso suyenda ndi selo imodzi. Selo yoyamba imakhala mkati, imatulutsa ulusi wake kunja, n'kukatula uthengawo kwa selo yachiwiri. Posinthanirapo ndi pamene timati gangiliyoni, kamfundo kokhala ndi maselo ambiri a mitsempha. Zili ngati kusintha minibasi. Wa simpathetiki amatsika pafupi ndi kwawo, pambali pa msana pomwepo, ndipo ulendo wautali umakhala wa minibasi yachiwiri. Wa parasimpathetiki amakwera imodzi mpaka pafupi ndi geti la kumene akupita, yachiwiriyo n'kungomulowetsa kumpanda.

Maselo oyamba a simpathetiki ali m'kanyanga ka m'mbali ka chingwe cha msana, kamene kamapezeka kuyambira T1 mpaka L2 basi. Mabuku ena amafikitsa pa L3, musakangane nawo. Ulusi wake umatuluka ndi muzu wakutsogolo, limodzi ndi mitsempha yoyendetsa minofu, kenako umapatuka kudzera m'kanthambi koyera n'kulowa mu unyolo wa magangiliyoni. Unyolowu uli mbali zonse ziwiri za mafupa a msana, ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, kuchokera pansi pa chibade mpaka kumchira. Tinthambi toyerati tili pa T1 mpaka L2 pokha, koma unyolo ndi wautali kuposa pamenepo, ndipo ntchito yake ndi imeneyo: kugawira thupi lonse zotuluka pakhomo lopapatiza.

Ulusi ukalowa mu unyolo ungatule uthenga pamfundo yomweyo, ungakwere kapena kutsika kukatula pamfundo ina, kapena ungangodutsa osaima. Wodutsawu ndi wopita m'mimba. Mwachitsanzo wochokera pa T5 mpaka T9 umapanga mtsempha waukulu wa sipulankiniki, umene umakatula pagangiliyoni ya siliyaki, kutsogolo kwa msempha waukulu wa magazi. Wotula mu unyolo ndipo ukupita kukhungu kapena kumanja ndi kumiyendo umabwerera m'mitsempha ya msana kudzera m'kanthambi kotuwa, ndipo kotuwaka kali pa mitsempha yonse 31 ya mbali iliyonse.

Tsopano tsatirani wa diso, chifukwa ndi umene unavuta mwa bambo aja. Lamulo limachokera mu haipothalamasi, kachigawo ka pansi pa ubongo, kutsika m'tsinde la ubongo ndi m'chingwe cha m'khosi, mbali yomweyo osawoloka, mpaka pa C8 kufika T2. Pamenepo pali selo imene ulusi wake umatuluka makamaka ndi muzu wa T1. Ulusiwo umadutsa pamwamba pa nsonga ya phapo, pafupi ndi nthiti yoyamba, kupyola gangiliyoni ya siteleti, mfundo ya unyolo ya pamenepo, osatula, kukwera ndi unyolo wa m'khosi mpaka pagangiliyoni ya pamwamba ya m'khosi, cha pa fupa la C2 ndi C3, kuseri kwa ngodya ya chibwano. Apa ndiye posinthira. Ulusi wachiwiri umakulunga msempha wa magazi wa karotidi yamkati, kulowa nawo m'chibade, kenako umakwera pa nthambi ya diso ya mtsempha wa kumutu wa nambala 5 mpaka kukafika ku kamnofu kotambasula mwanadiso. Wina umapita ku kamnofu ka Müller, kamene kamathandiza kukweza chikope.

Chotupa cha pansonga ya phapo chikadya muzu wa T1 kapena gangiliyoni ya siteleti, zonse za kutsogoloko zimazima. Mwanadiso amachepa chifukwa wom'tambasula wafooka, wom'finya watsala yekha. Chikope chimagwa pang'ono chabe, mamilimita 1 kapena 2, chifukwa mnofu waukulu wokweza chikope uli m'manja mwa mtsempha wa kumutu wa nambala 3 ndipo uli bwinobwino. Chikope cha m'munsi nacho chimakwera pang'ono, diso n'kumaoneka ngati lalowa mkati pamene silinasunthe. Theka la nkhope silituluka thukuta. Zizindikiro zimenezi zimatchedwa ndi dzina la Horner, dokotala wa maso wa ku Switzerland amene anazifotokoza mu 1869.

Za thukutazo musazidumphe, zimakuuzani malo. Ulusi wa thukuta la kumaso umasiyana ndi wa diso ukangochoka pagangiliyoni ya pamwamba ija: wambiri umatsata karotidi yakunja. Choncho vuto likakhala kumunsi kwa gangiliyoni, monga kuchifuwa, theka lonse la nkhope limauma. Likakhala kumtunda, pa karotidi yamkati, thukuta limatuluka ngati kale, mwina kupatula kachigawo ka pamphumi. M'nyengo yotentha ya Okutobala kusiyanaku mungakumve ndi kuseri kwa chala chanu. M'mawa wa Juni, mphepo ya Chiperoni ikuwomba, simudzapeza kanthu mbali zonse ziwiri.

Parasimpathetiki ya diso ndi ya njira yachidule. Maselo ake oyamba ali mu nyukiliyasi ya Edinger-Westphal, kumtunda kwa tsinde la ubongo. Ulusi umayenda ndi mtsempha wa 3, chakunja kwenikweni kwa mtsemphawo, n'kukatula pagangiliyoni ya siliyari imene ili kuseri kwa diso, m'bowo lake momwemo. Kuchoka apo patsala kamtunda kochepa kufika ku kamnofu kofinya mwanadiso. Mitsempha ina ya kumutu yonyamula parasimpathetiki ndi itatu. Wa 7 umatula pagangiliyoni ya terigopalatini, ya misozi ndi mamina, komanso pa ya sabumandibyula, ya malovu a pansi pa chibwano ndi pansi pa lilime. Wa 9 umatula pa ya otiki, ya malovu a patsaya. Wa 10, vegasi, ulibe mfundo imodzi yoti muloze ndi chala, umakatula m'makoma kapena pafupi ndi mtima, mapapo ndi matumbo, mpaka chakumapeto kwa gawo lopingasa la thumbo lalikulu. Kuyambira pamenepo kutsika, pamodzi ndi chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera, ndi za S2 mpaka S4.

Pali msampha umodzi umene umagwetsa ambiri pamayeso. Ulusi wa simpathetiki umadutsanso m'magangiliyoni anayi a kumutuwa, koma sutula uthenga mmenemo. Unatula kale kukhosi.

Mukakumana ndi wodwala amene ana a maso ake ndi osiyana kukula, funso loyamba ndi lakuti wolakwika ndi uti, wamng'onoyo kapena wamkuluyo. Yesani pawiri, powala ndi pamdima, wodwala akuyang'ana patali. Tinene kuti bambo aja powala ali ndi mamilimita 2.5 kumanja ndi 3 kumanzere. Mwatseka makatani, mwaunikira ndi tochi chapansipansi kuti mungoona: kumanja 3.5, kumanzere 6. Kusiyana kwakula mumdima, ndiye kuti wamng'onoyo akukanika kutambasuka, ndipo vuto ndi la simpathetiki. Muonetsetse m'masekondi 5 oyambirira mutazimitsa getsi, chifukwa mwanadiso wodwalayo amatambasuka mochedwa ndipo pofika masekondi 15 amakhala atachepetsako kusiyanako. Kukanakhala kuti kusiyana kwakula powala, bwenzi wolakwika ndi wamkuluyo, amene akukanika kufinyika, ndipo bwenzi tikuganiza za mtsempha wa 3, gangiliyoni ya siliyari, kapena mankhwala ngati atiropini amene analowa m'diso. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri abwinobwino ali ndi kusiyana kosapitirira milimita imodzi, kumene kumakhala chimodzimodzi powala ndi pamdima, chikope chili m'malo mwake.

Kumene alipo, madontho a apulakilonidini a 0.5% amatsimikizira. Pakatha mphindi 30 mpaka 60 mwanadiso wamng'ono uja amakula ndipo chikope chimakwera, chifukwa kamnofu kotayidwa ndi mtsempha wake kamayamba kumva mankhwala mopitirira. Kumva kotereku kumatenga masiku kuti kuyambe, choncho pa vuto la dzulodzuloli madonthowo angakunamizeni kuti zonse zili bwino. Kwa makanda sagwiritsidwa ntchito, amawagonetsa ndi kuwafooketsa kupuma.

Mukatsimikiza, yendani ndi ulusi uja kuchokera kumtunda, mukufunsa chimene chagona pafupi nawo. Chizungulire, kuvutika kumeza ndi dzanzi la theka la nkhope zikuloza kutsinde la ubongo, nthawi zambiri sitiroko. Ululu wa paphewa wotsika ndi mkati mwa mkono mpaka kukachala kakang'ono, ndi minofu ya m'dzanja yofota, zikuloza pa T1 ndi nsonga ya phapo. Apa funsani za fodya ndi za kuwonda, pimani pamwamba pa fupa la m'khosi ngati pali mwanabere, ndipo poona ekiseleyi yerekezani nsonga ziwirizo mosamala, chifukwa nthiti yoyamba ndi fupa la m'khosi zimabisa chotupa chaching'ono. Kwathu kuno mthunzi wa pansonga ya phapo timathamangira kuutcha TB, ndipo kawirikawiri timalondola. Koma wodwala amene makhololo ake sanaonetse kachilombo, mankhwala sakumuthandiza, ndipo ali ndi Horner ndi ululu wa mkono, amafunika sikani ya CT ndi kutengako kanyama, osati kungomuwonjezera miyezi.

Ziwiri zokha ndi zosadikira mawa. Horner wobwera mwadzidzidzi ndi ululu wa m'khosi kapena kuseri kwa diso, makamaka munthu atagwedezeka khosi pangozi, angakhale karotidi yamkati imene yang'ambika khoma, ndipo sitiroko ingatsatire m'masiku oyambirira omwewo. Chinacho ndi cha parasimpathetiki: wa kabaza amene wamenyetsa mutu, akuyamba kusinza, mwanadiso mmodzi akukula osamva tochi. Ubongo wotupa kapena magazi oundana akukankhira mtsempha wa 3 pamphepete pa chikopa cholimba cha m'chibade, ndipo ulusi wofinya mwanadiso, pokhala chakunja, ndi umene umayamba kuphwanyika. Ameneyo itanani a opaleshoni nthawi yomweyo, ndipo lembani kukula kwa ana a maso onse awiri ndi nthawi imene mwayeza.