Kuchonga chojambula cha mtima: tsatirani nsonga ya mzere musanawerenge dzina

Funso: "Aphunzitsi muli m'gulu muno, ndithandizeni. Loweruka lililonse ndimaphunzitsa ana a Giredi 10 kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndipo ndinawapatsa ntchito ya malikisi 10 yojambula mtima wodulidwa pakati, n'kulozapo ventirikulo yakumanzere, sepitamu, ayota ndi valavu ya tirikasipidi. Mwana amene ndaika chithunzi cha pepala lakeyu walemba mayina onse anayi bwinobwino, koma chojambulacho chikundikayikitsa. Ndimupatse malikisi angati?"

Mayi aphunzitsi, pepalalo ndaliona, ndipo ndikanakhala ine ndikanamupatsa malikisi 5. Ndifotokoza mmene ndawapezera, chifukwa njirayo ndi imene idzakuthandizeni pa mapepala ena onse amene ali m'chikwama chanu.

Musanatsegule pepala la mwana aliyense, lembani kaye pambali mmene malikisi khumiwo agawidwire, ndipo musasinthenso mukayamba kuchonga. Ine ndikanagawa motere: malikisi 1 pa mutu wa chojambula, 1 pa kajambulidwe, 2 pa kulingana kwa zigawo, 2 pa mizere yolozera, ndi 4 pa mayina anayi amene munafunsa. Kagawidwe aka si lamulo la boma, koma kakutsata zimene ochonga mayeso a matiriki, omaliza sekondale kuno ku South Africa, amayang'ana m'phunziro la sayansi ya zamoyo, limene kwathu timalitcha Bayoloje, ndipo amene tinalemba MSCE tikukumbukira kuti aphunzitsi athu ankalimbikira zomwezi.

Za mutu ndi kajambulidwe sindichedwapo. Malamulo a kachongedwe ka matiriki amanena kuti chojambula chilichonse, girafu kapena tebulo, chikhale ndi mutu. Mwanayu wangolemba liwu limodzi lotanthauza mtima, pamene mutu uyenera kunena kuti ndi mtima wa munthu kapena wa nyama yoyamwitsa, ndiponso kuti wadulidwa m'litali, popeza mtima wooneka kunja ndi mtima wodulidwa ndi zojambula ziwiri zosiyana. Apa sapeza kanthu. Koma wajambula ndi pensulo yosongoka, mizere yake ndi yosadukizadukiza, sanadetse paliponse ndi mithunzi, ndipo chojambulacho chatenga pafupifupi theka la tsamba, choncho malikisi a kajambulidwe ndi ake.

Pa mayina ndi pamene ambiri timakodwa, chifukwa diso limathamangira kuwerenga mawu ali m'mbali, likaona kuti ndi mawu a m'buku limakhutira, dzanja n'kuchonga. Dzina palokha silinena kanthu za zimene mwana akudziwa, popeza mayina anayiwo munachita kumupatsa m'funso. Chimene mukuchonga ndi malo amene mzere wathera. Ndiye phimbani mayinawo ndi kapepala, ikani nsonga ya cholembera pamene mzere wathera m'kati mwa chojambula, mudzifunse kuti chigawo chimenechi ndi chiyani, kenako muvundukule dzinalo muone ngati zikugwirizana.

Tikatero pa pepala ili, mzere wa ventirikulo yakumanzere wathera m'kati mwa chipinda cham'munsi chimene chili kudzanja lamanja la tsamba, ndipo zimenezo n'zolondola, chifukwa mtima umajambulidwa ngati mwini wake wayang'anizana nafe, motero kumanzere kwake kumakhala kumanja kwathu. Mzere wa tirikasipidi wakhudza kachitseko kali pakati pa atiriyamu yakumanja, chipinda cham'mwamba, ndi ventirikulo yakumanja, ndipo pamenepo ndi pake. Akanaloza mbali inayo ikanakhala bayikasipidi. Awa ndi malikisi awiri. Mzere wa sepitamu wayenda bwino kuchokera m'mbali, koma waima m'mphako ya ventirikulo yakumanja usanafike pa khoma lapakati logawa mtima. N'kutheka kuti mwanayo akudziwa pamene sepitamu ili, koma pepala likunena kuti mphakoyo ndiyo sepitamu, ndipo ife timachonga zimene zili papepala, osati zimene tikuganiza kuti zinali m'mutu mwake.

Ayota ndiyo yofunika kuidekhera kwambiri. Pamwamba pa mtima pali mitsempha ikuluikulu iwiri yopingasana, ndipo ana ambiri amangosankha umene ukuoneka wokhota bwino. Njira yosanama ndi kutsatira mtsemphawo ndi cholembera kutsikira m'munsi mpaka mutaona chipinda chimene watulukira. Ayota imatuluka mu ventirikulo yakumanzere n'kupereka magazi ku thupi lonse, pamene mtsempha wotuluka mu ventirikulo yakumanja ndi wopita ku mapapo. Pa chojambula cha mwanayu, mtsempha umene wautcha ayota ukatsatidwa ukukathera mu ventirikulo yakumanja, ndiye dzinalo lagwera pa mtsempha wa ku mapapo. Kumeneku si kuterereka kwa dzanja ngati kwa sepitamu kuja, koma ndi kusamvetsa njira ya magazi, ndipo n'kofunika kuti mukhale naye pansi. Pa mayina wapeza 2 mwa 4.

Malikisi awiri a mizere ndi a kaonekedwe ka mizereyo. Oyamba ndi oti ijambulidwe ndi rula ndiponso isakhale ndi mivi kunsonga. Nkhani ya mivi ana amaiona ngati nkhanza za aphunzitsi, koma pa mtima ili ndi chifukwa chomveka: muvi pa chojambula cha mtima umasonyeza kumene magazi akulowera, ndiye mzere wolozera ukakhala ndi muvi woloza m'kati mwa ayota, wowerenga akhoza kumva kuti magazi amalowa mumtima kudzera mu ayota, zimene zili zosemphana ndi zoona. Mwanayu wagwiritsa rula ndipo mivi palibe, choncho wapeza. Achiwiri ndi oti mizere isadutsane, ndipo mayina akhale kunja kwa chojambula, olembedwa mopingasa, makamaka ondandalikana mbali imodzi. Iye mzere wa ayota ndi wa tirikasipidi wawadutsanitsa, ndipo apa wataya. Koma chonde musamulandenso malikisi ena pano chifukwa cha mzere wa sepitamu uja wosafika, popeza mwamulanda kale pa mayina. Cholakwa chimodzi chilangidwe kamodzi, apo ayi mwana wolakwitsa zinthu zitatu amatuluka ngati walakwitsa zisanu ndi chimodzi.

Tsopano kulingana kwa zigawo, kumene ndikuganiza kuti ndiko kunakukayikitsani ngakhale simunakutchule. Apa musadalire maso okha; tengani rula muyese kuchindikala kwa khoma lakunja la ventirikulo iliyonse chapakati pake. Mumtima wa munthu wamkulu khoma la ventirikulo yakumanja limakhala la mamilimita 3 mpaka 5, pamene lakumanzere limakhala pafupifupi sentimita imodzi, kutanthauza kuti ndi lochindikala kawiri kapena katatu. Choncho ngati pa chojambula khoma lakumanja ndi la mamilimita 4, lakumanzere liyenera kukhala pakati pa 8 ndi 12. Sitifuna kuti mwana achite kuyesa molondola ngati mmisiri; chofunika n'chakuti kusiyanako kuonekere poyera. Pa pepala mwaikali makoma awiriwo ndi ofanana, ndipo ndikayang'anitsitsa lakumanja likuchita ngati laposako pang'ono.

Ndimaumirira pa khoma limeneli chifukwa ndi pamene chojambula chimaulula ngati mwana wamvetsa ntchito ya mtima kapena wangokopa maonekedwe. Ventirikulo yakumanja imangokankhira magazi ku mapapo, amene ali pafupi ndipo timitsempha take n'tosalimba, motero mphamvu yake imafika cha m'ma 25 pa muyeso wa kuthamanga kwa magazi wa kuchipatala. Yakumanzere imakankhira magazi mpaka ku zala za kumapazi, ndipo ndiyo imapereka nambala ija ya 120 imene anamwino amatiuza akatiyesa. Minofu yogwira ntchito yaikulu chotero iyenera kukhala yochindikala. Chenjerani ndi ana ena amene, atamva kuti mbali yakumanzere ndi yamphamvu, amakulitsa mphako m'malo mwa khoma. Zimenezo n'zolakwika, chifukwa maventirikulo onse awiri amatulutsa magazi ofanana pa kugunda kulikonse, pafupifupi mamililita 70 munthu akakhala akupuma, ndipo zikanapanda kutero magazi akanaunjikana mbali imodzi. Malikisi achiwiri a kulingana ndi oti maatiriyamu akhale aang'ono ndi a makoma opyapyala poyerekeza ndi maventirikulo, ndipo izi mwanayu wazichita bwino. Tikaphatikiza: mutu 0, kajambulidwe 1, mayina 2, mizere 1, kulingana 1, zonse pamodzi 5.

Pa mapepala enawo mudzakumana ndi mwana amene wajambula khoma lochindikala kudzanja lamanja la tsamba, monga ziyenera kukhalira, koma n'kulembapo kuti ndi ventirikulo yakumanja chifukwa watsata dzanja lake. Ameneyo mupatseni malikisi a kulingana, popeza chojambulacho chili bwino, koma dzinalo musalichonge. Mudzakumananso ndi kalembedwe kopunduka ka mayina. Ochonga matiriki amalandira dzina lolembedwa molakwika pang'ono malinga likuzindikirika ndipo silikutanthauza chinthu china m'phunzirolo, ndipo inunso mukhoza kutsata zomwezo. Chimodzi chokha chimene ana athu ayenera kuchidziwa msanga n'chakuti chilolezo chija choti liwu limodzi kapena awiri a chilankhulo china alandiridwe chimakhudza zilankhulo zovomerezeka ndi boma la dziko lino, ndipo Chichewa sichili m'gulumo. Pofotokoza m'kalasi lankhulani nawo Chichewa mmene mungafunire, koma pa chojambula alembe mayina m'chilankhulo chimene adzalembere mayeso.

Njira yomweyi imagwiranso pa selo ya chomera. Kumeneko malo ovuta ndi m'mphepete, pamene khoma la selo limajambulidwa ndi mizere iwiri ndipo kachikopa kopyapyala kamakhala kogundana nalo m'kati mwake, motero mzere wolozera ukaphonya ndi milimita imodzi umakhala watchula chinthu china. Pa kulingana muone ngati vakiyolo yatenga mbali yaikulu ya selo, nyukiliyasi n'kukankhidwira m'mbali.

Pobweza pepalali musangolemba 5 pamwamba. Zunguzani nsonga ya mzere wa sepitamu, lembani 4 ndi 4 kapena zimene rula yanu yapeza pambali pa makoma awiriwo, ndipo mumupatse pensulo atsatire yekha mtsempha uja mpaka aone chipinda chimene watulukira. Ngati mungathe, Loweruka likubwerali gulani mtima wa nkhosa ku butchala, muwapemphe asadule mitsempha ya pamwamba chifukwa nthawi zambiri amaisenga, ndipo muudule mopingasa chakumunsi pamaso pa anawo. Aliyense atsine khoma lakumanzere ndi lakumanja pakati pa zala ziwiri, alowetse kamtengo mu ayota aone kumene katulukire, kenako ajambulenso.