Lachisanu lililonse, yambani ndi malonda amene angoti zii

"Ndimasoka ndi kugulitsa mayunifomu a sukulu kuno ku Harare. Ndinalowetsa makasitomala anga onse mu HubSpot miyezi itatu yapitayo, koma maoda akundiphonyabe. Kodi ndizichitamo chiyani sabata iliyonse?" Mayi wa ku Mufakose

Mayi, HubSpot ndi pulogalamu ya CRM, yosungira mbiri ya makasitomala ndi malonda, ndipo imakukumbutsani zokhazo zimene inuyo munaiuza, choncho mayina ndi manambala a foni paokha sangakugwirireni oda. Patulani ola limodzi Lachisanu lililonse, ndipo musayambire pa mndandanda wa anthu koma pa Deals, pomwe pamakhala malonda amene mukukambirana koma sanatsirizike. Asanjeni potsata Last activity date kuti amene akhalitsa osakhudzidwa akhale pamwamba, kenako muone amene alibe tsiku pa Next activity date, pomwe pamaoneka tsiku la chochita chotsatira. Maoda ambiri amatayikira pamenepo, chifukwa palibe chimene chidzakukumbutseni kuti muimbenso foni.

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya ku Highfield yafunsa mtengo wa majuzi 60 m'mwezi wa Malichi, pokonzekera teremu yozizira imene imayamba mu Meyi. Mwawauza madola 12 juzi imodzi, ndiye pa Amount mulembe 720. Mukatha kulankhula nawo, musalembe kuti "ndawaimbira" basi, pakuti pakatha masabata awiri mawu amenewa sadzakuuzani kanthu. Lembani amene munalankhula naye, chimene ananena ndi chimene munalonjeza, mwachitsanzo: "Osunga ndalama akuti komiti ya makolo ikumana Lachitatu, akufuna kuona juzi imodzi yokhala ndi baji, ndalonjeza kupititsa Lolemba." M'mawu amenewa mukutuluka ntchito ziwiri, ndipo iliyonse muiike pa Tasks ndi tsiku lake: kupititsa juzi Lolemba, ndi kufunsa Lachinayi zimene komiti yagwirizana. Ine ndimaumirira kuti izi zilembedwe tsiku lomwelo, makamaka popeza ambirife timakambirana pa WhatsApp ya pafoni, ndipo zimenezo sizilowa zokha mu pulogalamuyi ngati simunazilumikize. Lachisanu ndi longoonera zimene zatsalira.

Samalaninso ndi ndalama. Mukalemba oda ina m'madola a ku Amereka, ina mu ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, pa Amount pomwepo, chiwonkhetso chidzakunamizani; sankhani ndalama imodzi, inayo muitchule m'zolemba zanu.

Chovuta kwambiri ndi kuvomereza kuti malonda ena afa. Ngati tsiku la pa Close date, limene munkayembekezera kuti malonda atsirizike, linadutsa, teremu yayamba, ndipo mwafunsa katatu popanda yankho, asunthireni ku Closed lost ndi kulemba chifukwa chake, kaya mtengo, kaya kuchedwa kwa juzi yoonetsa. Mukawasiya otsegula, madola 720 aja aziwerengedwabe ngati ndalama imene ikubwera, ndipo mungagule nsalu poidalira. Musanatseke, ikani ntchito imodzi ya mu Okutobala yodzafunsa sukuluyo za mayunifomu a Januwale.