Kuwerenga mankhwala usiku: nthawi yabwino ndi iti?

"Ndine namwino, ndayamba kumene ya usiku, 7 madzulo mpaka 7 m'mawa. Kuwerenga mankhwala ndimasiyira cha m'ma 4 koloko chifukwa wodi imakhala zii, koma manambala sakugwirizana. Nditani?"

Achemwali, bweretsani ntchito imeneyo kumayambiriro, isanakwane 11 koloko. Pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha thupi limazizira, tulo timakoka kwambiri, ngakhale munagona masana. Bata lomwe mukulikondalo ndi lomwe limakupusitsani: ntchito yokhala pansi, yobwerezabwereza, ndi imene imayamba kuonongeka. Ubongo umatha kuzima kwa masekondi angapo maso ali chipenyere, n'kudumpha mzere m'kaundula kapena kulemba 36 m'malo mwa 63. Mukaona kuti mwawerenga mzere umodzi kawiri osaumva, imani.

Ku wodi yathu timawerenga mankhwala ndi kukonzeratu masamu a madiripu tikangolandirana ntchito, mitu idakali bwino. Maola oipawo timazungulira odwala, kuwatembenuza, kudzaza matirole, chilichonse choyendetsa miyendo. Mankhwala amene nthawi yake yagwera pomwepo, monga insulini kapena mlingo wa mwana wotengera makilogalamu, sangadikire. Muitane mnzanu awerengere payekha, musanamuuze yankho lanu, apo ayi amangovomera.

Khofi imwani koyambirira. Wa 5 koloko adzakulandani tulo ta masana, mawa lake vuto n'kukula. Malamulo akalola, tsinzinani mphindi 20 cha m'ma 2 koloko, koma mukadzuka dikirani kaye mutu uyere musanagwire kaundula.

Ngati mukugona mokwanira koma mukumawodzerabe pantchito, kapena akunyumba akuti mumaliza mkonono n'kumabanika, kaonaneni ndi dokotala. Za manambala osagwirizanawo auzeni a sisitala oyang'anira wodi lero lomwe.