Kulipira inshuwaransi ya maliro kudzera pa foni ya mbale

"Ndikugwira ntchito ku Johannesburg, koma inshuwaransi yanga ya maliro ili ku Malawi. Kodi kampani ingalole kuti mchemwali wanga azindilipirira pa Airtel Money yake?"

Achimwene, lemberani kampaniyo kalata yopempha chilolezo musanatumize ndalama, chifukwa makampani amafuna kudziwa mwini ndalama zimene akulandira, potsatira malamulo oletsa kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo. M'kalatamo mutchule nambala ya polisi yanu ya inshuwaransi, dzina la mchemwali wanu monga lilili pa chiphaso chake cha unzika, nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lakelo, ndiponso ubale wanu, ndipo muphatikize zithunzi za ziphaso za nonse awiri. Yankho lawo likhale lolembedwa, pakuti mawu a pa foni sadzakhala umboni tsiku la maliro.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndalama yosochera. Mchemwali wanu akalemba nambala ya foni yake pamalo pofunika nambala ya polisi, ndalama imachoka ndithu, uthenga wotsimikiza n'kubwera, koma m'mabuku a kampani mumaoneka ngati simunalipire, ndipo masiku okudikirani akatha polisi imaimitsidwa. Choncho azisunga uthenga uliwonse, inunso muzipempha sitetimenti miyezi itatu iliyonse kuti muone ngati mwezi uliwonse walembedwa.