Manja ndi anu, buku la makasitomala ndi lawo

"Achimwene, ndasiya ntchito pa saluni ina ku Randburg. Kontirakiti yomwe ndinasaina ikuti ndisagwire ntchito ya tsitsi m'Gauteng monse kwa zaka ziwiri, ndiponso ndisaulule zinsinsi zawo. Ndapeza malo ku Soweto. Kodi andimanga?"

Achemwali, kalata yanu yanditukusira chilonda chakale. Ine nditachoka pa kampani ina yokonza mafiriji kuno ku Joni, loya wawo ananditumizira kalata yoopseza. Ndi mantha a mlendo, ndinakhala miyezi inayi m'kachipinda kanga ku Rosettenville osagwira sipanala, lendi ikundidya, kumudzi akufunsa ya feteleza. Anzanga ena ankati mapepala otere ndi ongoopsezera. Amenewo musawamvere.

Kuchokera pa mlandu wa Magna Alloys mu 1984, makhoti a dziko lino amati pangano lotere limagwira ntchito, ndipo ndi inuyo wosaina amene muyenera kuonetsa kuti ndi lopyola muyezo. Ngakhale kuchotsedwa ntchito pakokha sikulifafaniza.

Koma chomwe ndinachidziwa mochedwa, ndipo chimandipsetsabe mtima, ndi ichi: bwana saloledwa kukutsekerezani chifukwa chongoopa mpikisano. Pa mlandu wa Basson ndi Chilwan mu 1993, khoti linati funso loyamba ndi lakuti, kodi pali chake chenicheni choyenera kutetezedwa? Kawirikawiri zimakhala ziwiri: zinsinsi za bizinesi, ndi makasitomala omwe munazolowerana nawo muli pa ntchito yake. Luso la m'manja ndi lanu. Ine kuwotcherera mapaipi ndinaphunzira ku Ndirande, bwanayo asanandidziwe n'komwe! Ndipo chinthu sichisanduka chinsinsi poti pepala latero. Mitengo yomatidwa pakhoma, yomwe aliyense akuwerenga, si chinsinsi.

Tsono za inu

Kumangidwa ayi, uwu si mlandu wa apolisi. Chomwe angachite ndi kuthamangira ku khoti lalikulu kapena la zantchito kukapempha chiletso. Chikatuluka, pamenepo mudzachimvere, poti kunyoza khoti ndiye kungakugonetseni m'chitokosi.

Mayi wolukitsa tsitsi ku Randburg sangamatsatire munthu mpaka ku Pretoria, ndiye Gauteng yonse kwa zaka ziwiri ine ndikuona kuti yanyanya. Komabe musavine msanga, chifukwa khoti likhoza kuchepetsa dera ndi nthawi, n'kukuletsanibe kufupi ndi saluniyo kwa miyezi ingapo. Soweto ili patali ndithu, zimenezo zikukuthandizani.

Pomwe anthu amagwera ndi pa foni. Ngati munakopera manambala m'buku la saluni, kapena mwayamba kutumizira makasitomala awo uthenga woti ndasamuka, bwerani, mwampatsa bwana umboni ndi manja anu. Lekani lero, ndipo kontirakitiyo mupite nayo ku Legal Aid South Africa, bungwe la boma lothandiza anthu osowa ndalama pa zamalamulo, akaiwerenge musanayambe ntchito ku Sowetoko.